Maina ang'onoang'ono a kumbuyo kwa botolo la mafuta

Amai ena a kufupi ndi Katete anagula mafuta odzola pa msika, onunkhira ngati maluwa. Tsiku loyamba khungu linasalala, koma pa tsiku lacitatu mikono ndi khosi zinayamba kuyabwa, ndipo tiziphuphu tinatuluka. Iwo anaganizira sopo, anaganiziranso madzi a pa citsime. Mafutawo sanawaganizire konse, popeza sanawabvute pa tsiku loyamba. Komatu mankhwala amene thupi lawakana amatero: kuyabwa kumabwera patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu.

Mwana wao wamkazi wa ku sekondale ndiye anatembenuza botolo napeza mau akuti "Ingredients", amene atanthauza zinthu zimene anasakaniza popanga mafutawo. Anafotokozera amai ace kuti mainawo salembedwa cisawawa. Cocuruka koposa cimayamba, ndipo cocepa cimatsirizira. Poyamba panali Aqua, ndiwo madzi. Kenaka Glycerin ndi Petrolatum, zimene zimasunga cinyezi m'khungu ndipo sizibvuta anthu kawirikawiri.

Pa dzina lacinai amaiwo anadzidzimuka, cifukwa anamva mau akuti Alcohol. "Ai amai, uyu si uja wa m'kacasu," anatero mtsikanayo. Cetyl Alcohol ali ngati phula lofewetsa khungu. Woumitsa khungu ndi Alcohol Denat., makamaka akakhala pakati pa maina oyambirira, ndipo pa khungu long'ambika amawawa nthawi yomweyo.

Mlandu weniweni unali kumapeto, kumene maso ambiri safika. Kunali Parfum, amene ena amalemba Fragrance. Dzina limodzili limabisa mankhwala ambirimbiri a fungo, ndipo fungo ndilo limodzi la zinthu zoyabwitsa anthu kawirikawiri. Motsatana nalo munali dzina lalitali lakuti Methylisothiazolinone, mankhwala oletsa mafuta kuwola. Awa anayabwitsa anthu ocuruka kotero kuti maiko a m'bungwe la ku Ulaya anawaletsa mu 2017 m'mafuta otsalira pa khungu. Kukhala kumapeto sikuwacotsera mphamvu, pakuti thupi likawakana, kadontho kokha kamakwanira.

Mtsikanayo anatenga botolo lakale limene amai ace anadzola caka conse popanda bvuto, naika awiriwo pamodzi. Parfum anapezeka pa onse awiri, koma dzina lalitali lija linali pa latsopano lokha. Umenewu sunali umboni wotheratu, popeza fungo la botolo lina silifanana ndi la linzace, koma anadziwa dzina loyenera kulipewa, nalilemba pa kapepala.

Amaiwo analeka mafutawo, ndipo patapita milungu iwiri khungu linacira. Kukanakhala kutupa kapena matuza, akanapita ku cipatala atanyamula botololo. Tsopano mafuta atsopano amayamba awayesa m'kati mwa cigongono, kawiri pa tsiku kwa mlungu wathunthu. A m'tizitini topanda maina, ogulitsidwa motapa pa msika, sagulanso.