Mau ocepa oyamika amene anathandiza pa maliro

Patapita mlungu umodzi ciikire maliro a amuna ao, mai wina wa mu komboni ya Kapata ku Chipata anaitana mwana wao wacisamba, amene ndi mphunzitsi, namuuza kuti alembe mau oyamika anansi ndi anthu a mumpingo. Mauwo anayenera kukawerengedwa m'calici pa Sondo, pa nthawi ya zilengezo. Mlembi wa mpingo anali atacenjeza kale kuti zilengezo zimakhala zambiri, cotero kalatayo isapitirire theka la tsamba.

Mphunzitsiyo anayesa kuti ndi nchito yapafupi. Anatenga buku la cipepeso, lija limaikidwa pakhomo pamodzi ndi mbale kuti aliyense wopereka ndalama alembedwe dzina. Anakopera maina onse 43, kuyambira amene anapereka zambiri kutsikira kwa amene anapereka zocepa, ndipo madzulo anawerengera amai ake ndi atsibweni ake, amene anali asanabwerere kumudzi.

Mai wofedwayo anamvetsera kufikira dzina lomariza, ndipo anafunsa kuti, "Mwanawe, nanga amai a nyumba iyi ya kuseriyi dzina lao liri pati?" Mphunzitsi anatsegulanso bukulo, nayankha kuti, "Amai, iwowo sanalembedwe. Kapena sanaponye kanthu m'mbale."

Zinalidi zoona kuti mnansiyo sanapereke ngakhale ngwee imodzi. Koma ndiye amene anayamba kufika mbandakuca atangomva mfuu ya maliro. Ndiye anaturutsa mipando ndi thebulo m'nyumba kuti azimai apeze poyala mphasa, natuma mwana wake kukadzutsa mkulu wa mpingo. Acibale ocokera kutali anasunga katundu wao m'nyumba mwake, ndipo kwa masiku atatu madzi onse ophikira ndi otsukira anatungidwa pa pompi yake, ngakhale anadziwa kuti pakutha pa mwezi wolipira madziwo adzakhala iye yekha.

Atayamba kukumbutsana, anapeza kuti osowa m'bukumo anali ambiri. Munalibe anyamata amene anawaza nkhuni ndi kusonkha moto umene azibambo anaotha panja usiku wonse. Munalibe amai a Cigwirizano amene anagona pansi ndi wofedwayo, naimba nyimbo kufikira kuca. Munalibe Abemba a mu komboniyo, amene mwa mwambo wa cimbuya ca pakati pa iwo ndi anthu a kum'mawa anagwira nchito zolemetsa uku akuseka ofedwa kuti mitima ipepuke. Munalibenso mwini lole amene ananyamula bokosi ndi operekeza pa ulendo wa makilomita oposa 80 kupita kumudzi ku Katete, kapena adzukulu amene anakumba manda. Buku linali litasunga ndalama zokha, pakuti wogwira nchito alibe nthawi yoima pa mbale kuti amlembe.

Atsibweni anaonjezapo vuto lina. Iwo anati kuwerenga maina motsata kukula kwa ndalama ndiko kucititsa manyazi osauka pamaso pa mpingo wonse. Nkhalamba imene inamasula K5 pa nsonga ya citenje idzamva dzina lake kothera, pamene mwina inapereka ndalama yake ya ndiwo za tsiku limenelo. Anatinso kalata yochula maina iri ndi msampha uwu, kuti ukachula anthu 43 ndi kuiwala mmodzi, 43 aja adzaiwala msanga kuti anayamikidwa, koma mmodzi uja adzakumbukira zaka zambiri.

"Mphwanga," anatero atsibweniwo, "bukulo ndi la banja. Nchito yake ndi yakuti tidziwe zimene zinalowa ndi zimene zinagulidwa, ndiponso kuti tsiku limene kwa anzathu kudzagwa zovuta tisadzakhale ngati osadziwa. Ku calici pita ndi nchito zimene anthu anagwira. Ukati amene anatunga madzi, mwini wake adzadzimva yekha, ndipo amene anamuona akutunga adzamdziwanso."

Mphunzitsi anapempha kuti dzina la mwini lole lokha lichulidwe, popeza iye anangolandira ndalama ya mafuta. Amai ake anakana, nati kucita tero ndiko kutsegulanso khomo limene angotseka kumene. Munthu wotero amayenderedwa kunyumba kwake, osati kumuimika pakati pa anthu.

Panali cinthu cinanso cimene mai wofedwayo anaumirira kuti cilowe m'kalatamo, ndico kupepesa. Usiku waciwiri ufa unatha anthu ena asanadye, ndipo pa tsiku loika maliro ena anatsala pamseu cifukwa lole inadzaza. Pa maliro a anthu ambiri zotere sizilephera, koma banja likakhala cete, otsalawo amayesa kuti anasankhidwa dala. Tsono anagwirizananso za zimene siziyenera kulowamo: matenda amene anatenga malemuwo, ngongole zimene zatsala, ndi nkhani ya katundu. Izo ndi za pa bwalo la banja.

Kalata imene inapita kwa mlembi wa mpingo inali yotere:

"Kwa abusa, akulu a mpingo, amai a Cigwirizano, a kwaya, acinyamata ndi anansi athu onse a mu Kapata. Ife a banja lofedwa tikuyamika cifukwa simunatisiye tokha pamene atate athu anatisiya. Tiyamika inu amene munafika usiku, amene munagona nafe pansi, amene munaotha moto panja, amene munatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kuphika, amene munabwereka miphika ndi mabenci, amene munapereka ufa, ndiwo ndi ndalama, ndi amene munatiperekeza kufikira kumanda. Sitichula maina kuopa kuiwala wina, koma nchito ya yense tinaiona. Ngati wina anagona ndi njala, kapena anatsala pamseu posowa malo, kapena sitinamlonjere cifukwa ca misozi, atikhululukire. Mulungu akubwezereni pamene mwacotsa. Zikomo kwambiri."

Pa Sondo mlembi anaiwerenga, ndipo siinathe ngakhale mphindi ziwiri. Mai wofedwayo anakhala pakati pa azimai anzake mutu uli cowerama, ndipo mphunzitsi ndi atsibweni ake anaimirira kuti mpingo uone eni mauwo.

Koma kalata yowerengedwa m'calici imafika kwa okhawo amene analimo. Anansi ena ndi a mipingo ina, ndipo ena sapemphera konse. Cifukwa cake pa Lolemba mphunzitsi ndi mlongo wake anayamba kubweza ziwiya khomo ndi khomo. Mphika uliwonse unabwerera wotsukidwa, ndipo pa khomo lirilonse anakhala pansi pang'ono ndi kunena pakamwa zimene kalata siinachule. Kwa mwini lole kunapita atsibweni eni ake, atanyamula nkhuku. Kwa adzukulu mau anapita ndi atsibweni omwewo pobwerera ku Katete, kudzera kwa a nyakwawa.

Kunyumba ya kuseri kuja anapitako mai wofedwayo yekha, atamanga ndalama ya madzi m'kansaru. Mnansiyo anaikankha, nati, "Anzanga, bwezani m'thumba. Maliro ndi kulirana. Mawa mfuu ikamveka kuno, kodi pompi yanu mudzaitseka?" Mai uja anabweza kansaruko, ndipo awiriwo anakhala pa mphasa kufikira dzuwa litapendeka.