Kope linkati tapindula, randi inakana

Anzathu oyenda ku Joni, ife kale tinkalemba zinthu ziwiri zokha m'kope: mtengo wooda ndi mtengo wogulitsa. Mu Novembala 2023, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti, tinaoda nsapato mapeyala 60 pa R150 peyala imodzi. Tinagulitsa zonse pamtengo wakale, kope n'kumati tapindula. Titakasintha ndalamazo, sizinakwane ngakhale R9,000 yooderanso nsapato zomwezo. Mpamba unali utadyeka ife tikusangalala.

Panopa ulendo uliwonse uli ndi tsamba lake. Pamwamba timalemba tsiku ndi mtengo umene tagulira randi, kenako basi, katundu wa m'ngolo, malo ogona, msonkho wa pa Mwanza, ngakhale ya mnyamata wonyamula zikwama, amene sapereka lisiti. Zonsezi timagawa ndi mapeyala, ndiye timadziwa kuti peyala yafika pa zingati. Okongola ali ndi tsamba lawo. Ngongole sitiiwerenga ngati ndalama mpaka italowa m'manja.

Malisiti a m'mashopu amafufutika msanga, choncho timawajambula pafoni tisanakwere basi, n'kuwamata pamodzi ndi pepala la MRA. Pofotokoza za msonkho, ndalama imene ilibe pepala imavuta kuitsimikizira.