Tikumana 2 koloko, koma 2 koloko ya kuti?

Abale anga, lero ndilemba zazitali, amene bandulo yatsala pang'ono andikhululukire. Nkhani yake ndi ya wotchi. Ife amene tinamwazikana ngati mapira timakhoza kusonkha ndalama, timakhoza kulira limodzi pa foni, koma kungoti tigwirizane ola lokumana, basi mkangano wayamba. Wina amalowa pa foni anthu atatsanzikana kale, kenako mumamva kuti uyu akudzimva chifukwa ali kunja. Chonsecho munthu wosalakwa, wangonamizidwa ndi wotchi.

Ine ndimakhala ku Highfields kuno ku Leicester, ntchito yanga ndi ya m'nyumba za anthu, kukolopa, kusita ndi kuyang'anira agogo ena masana. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma masamu a nthawiwa umphawi wandiphunzitsa, chifukwa ola limodzi kwa ine ndi ndalama, ndipo kwa mng'ono wanga ndi mwayi wokhawo womva mawu a amayi.

Poyambira ndi apa. Dzuwa limatulukira kum'mawa, ndiye amene ali kum'mawa kwa iwe kumawachera msanga, wotchi yawo imakhala patsogolo. Dziko lonse limawerengera kuchokera pa nthawi ya ku Greenwich, ku London, imene pa foni imalembedwa GMT. Malawi ili patsogolo pa nthawi imeneyo ndi maola 2, ndipo sisuntha chaka chonse. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Joni, onsewa wotchi yawo ndi imodzi ndi yathu. Oman ili patsogolo ndi maola 4, nayonso sisuntha, ndiye kuti Muscat nthawi zonse imatsogola Malawi ndi maola 2.

Osuntha ndife a kuno. Lamulungu lomaliza la Malichi wotchi imalumpha ola limodzi kupita kutsogolo, 1 koloko usiku imasanduka 2 koloko. Imeneyo ndiye amaitcha BST. Lamulungu lomaliza la Okutobala imabwerera m'mbuyo, 2 koloko usiku n'kukhalanso 1 koloko. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala kumudzi amatitsogola ndi ola limodzi lokha, koma nyengo yozizira ino amatitsogola ndi maola 2. Munthu akakuuzani kuti ku UK ndi ku Malawi kumasiyana ola limodzi, mufunseni kuti mwezi wanji.

Tsopano ndikuuzeni mmene zinatikhalira ife mwezi wathawu. Amayi anadwala sitiroko mu Seputembala, mbali imodzi inafooka. Atatuluka m'chipatala panafunika kugamula ngati akhalebe kumudzi ku Balaka kapena apite ku Blantyre kwa alamu athu, kufupi ndi kumene angamawongoledwe miyendo. Panalinso mawu akuti dimba lawo ligulitsidwe kuti papezeke ndalama. Nkhani ngati imeneyi simungaikambe pa mavoisi, aliyense kumangoponya yake. Pamafunika malume, eni mbumba, akhale pansi, ana tonse tikumva. Ndipo mukudziwa mwambo wake, amene palibe ndiye kuti wavomera.

Tinalipo anthu asanu m'maiko asanu. Malume ku Balaka, achimwene ku Johannesburg, mng'ono wanga ku Muscat kumene akugwira ntchito ya m'nyumba, msuweni wathu amene analeredwa ndi amayi ali ku South Bend ku Indiana, ndi ine kuno. Achimwene analemba pa gulu kuti tikumane Lamulungu pa 26 Okutobala, 4 koloko madzulo. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo, poti wotchi yawo ndi ya malume n'chimodzimodzi.

Ndinatenga pepala n'kuyamba kuwerenga. 4 koloko madzulo ku Malawi ndi 6 koloko madzulo ku Muscat. Kumeneko Lamulungu ndi tsiku la ntchito, amapuma Lachisanu ndi Loweruka, ndipo 6 koloko mwanayo amakhala ali kukhitchini, foni ili kuchipinda. Ndiye kuti amene amatumiza ndalama zochuluka kuposa tonsefe akanangouzidwa m'mawa mwake kuti dimba la amayi ake lapita.

Ndinawalembera achimwene kuti, "Achimwene, pepani, ola limenelo mwana uja sapezeka. Tiyambe tafunsa aliyense nthawi imene amakhala womasuka, pa wotchi ya kumene ali." Anandiyankha kuti, "Chemwali, inu ndiye mwayamba chizungu." Koma anavomera.

Mayankho anabwera chonchi. Mng'ono wanga amapuma abwana ake akagona masana, kuyambira 3 koloko mpaka 4:30. Kuchotsapo maola 2, ndiye kuti 1 koloko mpaka 2:30 masana ku Malawi. Malume amaweruka kutchalitchi cha m'ma 12, pofika 1 koloko amakhala atadya, ndipo amafunika kuyenda pang'ono kukafika pachulu pamene netiweki imagwira. Msuweni amagwira usiku kosamalira okalamba, amaweruka 7 koloko m'mawa, kufika kunyumba 7:30. Tsiku limenelo South Bend inali m'mbuyo mwa Malawi ndi maola 6, ndiye 7:30 yake inali 1:30 masana kumudzi. Mwaona? Anthu asanu, tsiku lonse la maola 24, koma mpata wotikwana tonse unali ola limodzi lokha, 1:30 mpaka 2:30 nthawi ya ku Malawi.

Kwa ine panali msampha wina. Usiku womwewo wa pa 26 Okutobala ndi umene wotchi ya kuno imabwerera m'mbuyo. Munthu wotsegula foni Lachitatu, pamene tinkapangana, akanaona kuti Malawi ikutsogola ndi ola limodzi, n'kulemba kuti msonkhano ndi 12:30. Koma pofika Lamulungu kusiyana kunali maola 2, ndiye ola langa lenileni linali 11:30 m'mawa. Wofika 12:30 akanapeza mng'ono wanga akutsanzika. Mtsikana wina amene timakwera naye basi pa Evington Road zinamuchitikira zotere chaka chatha pa maliro a bambo ake. Anamulonjeza kuti amuonetsa pa vidiyo bokosi likamatsika, iye n'kupempha abwana kuti atuluke ola lolakwika. Pomwe ankaimba, anthu anali akukwirira.

Apa ndiye pamene foni imathandiza, komanso pamene imalekezera. Mukatsegula Clock, pali malo olembedwa World Clock, kapena kachizindikiro kowonjezera mzinda. Lembani Lilongwe kapena Blantyre. Foni ikapanda kuupeza, lembani Lusaka, Harare kapena Maputo, ndi nthawi yomweyo. Pa foni yanga pali mizinda inayi yondandalikana, ndikangoyang'ana ndimadziwa amene wagona ndi amene ali maso. Koma wotchi imeneyi imakuuzani za lero lokha. Siikuuzani za Lamulungu likubweralo. Ngati pakati pa lero ndi tsiku la msonkhano pali Lamulungu losintha wotchi, muyenera kuwonjezera kapena kuchotsa ola lija nokha.

Chinanso, lembani mzinda, osati dziko. Malawi yonse wotchi ndi imodzi, kuyambira Nsanje mpaka Chitipa, ndiye timaganiza kuti kulikonse zili choncho. Ku America ayi. South Bend ndi Chicago zayandikana, anthu amapita n'kubwerako tsiku lomwelo, koma Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Ngakhale kwathu komwe, mukangowoloka Songwe kulowa mu Tanzania, wotchi yatsogola ndi ola.

Uthenga umene ndinaponya pa gulu unali wotere: Lamulungu 26 Okutobala, 1:30 masana nthawi ya ku Malawi. Joni 1:30 masana. Muscat 3:30 masana. Leicester 11:30 m'mawa. South Bend 7:30 m'mawa. Nthawi ya kumudzi ndiyo ndinaiika poyamba, chifukwa siyenda uku ndi uku, komanso okalamba sitingawasenzetse masamu. Ndipo pa ola lililonse ndinalemba m'mawa kapena masana, poti 7:30 zilipo ziwiri pa tsiku.

Tinakumana, tonse asanu. Malume atafika pa nkhani ya dimba, mng'ono wanga ananong'ona kuchokera kuchipinda chake kuti, "Malume, dimbalo lisagulitsidwe. Amayi akachira adzafunsa, tidzawauza chiyani? Ine ndiwonjezera miyezi itatu." Malume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Wamveka, mwana wanga." Dimba lilipo, amayi ali ku Blantyre.

Nkhani ya kagawidwe ka ndalama inatsala, ndiye achimwene anati tikumanenso sabata yamawa, ola lomwelo. Apa panabisala chinthu china chimene ambiri sitichidziwa. America nayo imasintha wotchi, koma osati tsiku limodzi ndi UK. Iwo amabwerera m'mbuyo Lamulungu loyamba la Novembala, mu 2025 linali pa 2. Kuyambira tsiku limenelo South Bend inali m'mbuyo mwa Malawi ndi maola 7. Ndiye 1:30 ya kumudzi inasanduka 6:30 m'mawa kwa msuweni, akadali pa shifiti. Kudikira kuti afike kunyumba 7:30, ku Malawi ikanakhala 2:30, ku Muscat 4:30, abwana adzuka. Mpata uja unatsekeka popanda aliyense wa ife kusintha kalikonse. Tinachita kuusamutsira Loweruka pa 1 Novembala, wotchi ya ku America isanabwerere, ndipo ola linakhala lomwe lija.

Njira yodziwira kuti mwawerenga bwino ndi yapafupi. M'mawa wa tsiku la msonkhano, osati dzulo lake, wina alembe pa gulu kuti kuno ili 9 koloko, kwanuko ili bwanji? Aliyense ayankhe. Musadalire kanthawi kamene WhatsApp imalemba pansi pa uthenga, chifukwa aliyense amakaona pa wotchi ya foni yake. Ndipo inu amene mumatumiza mafoni akale kumudzi, muziwauza kuti asinthe mzinda mkatimo, uchoke pa London. Ambiri amangokonza manambala ndi dzanja, mzinda n'kusiya womwewo. Foni yoteroyo imayenda bwino miyezi ingapo, koma ikafika Okutobala imabwerera ola yokha ili ku Balaka, agogo n'kuchedwa kumwa mankhwala.

Panopa kuno pofika 4 koloko madzulo kwada kale, ndimatuluka ku ntchito magetsi a mu Melbourne Road atayaka. Ndikayang'ana foni, ku Blantyre ili 6 koloko, alamu akuwadyetsa amayi phala. Ndikachedwa mpaka 7 koloko yanga, iwo agona. Ndiye ndimaimba ndili panjira, manja atazizira, kuti ndimve mawu awo amene ayamba kumveka pang'onopang'ono.

Amene mumakhala ndi misonkhano ya banja, muzilemba masiku osintha wotchi penapake. Mwachitsanzo, masiku a 2026 olumphira kutsogolo ndi awa: America pa 8 Malichi, ife a ku UK pa 29 Malichi. Masabata atatu a pakatipo ndi amene amadanitsa abale. Ndipo popangana, yambani mwafunsa amene ali ndi mpata wochepa kuposa nonse, uja amaimba mobisala. Enafe tingathe kusuntha.

Gonani bwino amene kwanuko kwada. Amene kukucha kumene, ntchito yabwino.