Chiziwiziwi chokoka mzere: homuweki ya katchulidwe ka Chingerezi

Pali mtundu wina wa homuweki umene ukupezeka kwambiri m'zikwama za ana a sukulu zapulayiveti muno mu Blantyre. Ndi pepala limodzi, lofotokopedwa mpaka zilembo zina zayamba kufufutika, ndipo limakhala ndi magawo awiri. Gawo loyamba limauza mwana kuti akoke mzere pansi pa phatikizo lotsindikidwa m'liwu lililonse. Gawo lachiwiri limam'patsa mulu wa mawu kuti awasanje m'mabokosi potsata kamvekedwe ka vawelo. Pepalali limaoneka lophweka moti kholo limangoti "kafunse achimwene ako, si ali ku yunivesite?" Umo ndi mmene limatipezera ife.

Ine ndimaona kuti pepalali limayesa chinthu chimene silinaphunzitse. Limafunsa khutu, koma limabwera lili duu, lopanda mawu oti mwana amvere. Ndiye khutu limene mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni amayankhira nalo ndi khutu loleredwa ndi Chichewa, lomwe lili ndi malamulo akeake. Ukawadziwa malamulowo, ukhoza kulosera mzere umene mwana alakwitse asanagwire n'komwe pensulo.

Tiyambe ndi kutsindika. M'Chichewa, liwu likatchulidwa palokha kapena likakhala kumapeto kwa chiganizo, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika. Tchulani nokha: Ndirande, Chirimba, Zingwangwa, Machinjiri. Mumva kuti pakamwa pakuchedwa pa "ra", pa "ri", pa "ngwa" woyamba, pa "nji". Palibe mphunzitsi amene anatiuza zimenezi, ndipo sitimaziona n'komwe, chifukwa malo ake sasintha. Chimene chimasintha tanthauzo m'chiyankhulo chathu ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa shuga pa golosale amalembedwa chimodzimodzi, koma woyambawo umakwera pa "te". Pulofesa Al Mtenje ndi Laura Downing anafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane m'buku lawo la 2017 lonena za kamvekedwe ka Chichewa. M'Chingerezi zinthu n'zosiyana. Kutsindika kumayendayenda, liwu lililonse lili ndi malo ake, ndipo zilembo sizikuuza malowo.

Mwana wa achemwali anga, yemwe ali Sitandade 7 pa sukulu ina ku Limbe, anabwera ndi pepala lotere mwezi watha. Pamzere umodzi panali mawu atatu apachibale: "photograph", "photographer" ndi "photographic". Iye anakhoza limodzi, lachitatulo, ndipo analikhoza mosavutika. Chifukwa chake n'chakuti mawu ambiri a Chingerezi othera ndi "-ic" kapena "-tion" amatsindikidwa pa phatikizo loyandikana ndi lomaliza, pomwe penipeni pamene lilime la Mchewa limafuna kale kutsamira. N'chifukwa chake "education" ndi "economic" sitivutika nawo. Timawapeza ngati basera.

Pa "photographer" lilime lomwelo ndi limene linam'gwetsa. Iye amatchula kuti fotogirafa, n'kutsamira pa "ra", monga amachitira aliyense amene ndinamumvapo akuitana wojambula zithunzi pa ukwati. Koma yankho la m'dikishonale ndi phatikizo lachiwiri, "to". Ndipo pa "photograph" kutsindika kuli koyambirira kwenikweni, pa "pho". Mawu atatu, tsinde limodzi, malo atatu osiyana.

Chimene chimandisangalatsa pa chitsanzochi ndi zomwe zimachitikira mavawelo otsalawo. Mngelezi akatsindika "to" m'liwu lachiwiri lija, mavawelo ena atatu onse amafooka n'kusanduka kaphokoso kamodzi kosadziwika bwino, kotuluka pakamwa pali potsegula pang'ono, lilime lili phee pakati. Akatswiri amakatcha shuwa, ndipo m'dikishonale kamalembedwa ngati e wozondoka, chonchi: ə. Liwu lonselo limalembedwa /fəˈtɒɡrəfə/. Ife tilibe vawelo yaulesi yotereyi. Kuyambira Sitandade 1 tinaimba ba be bi bo bu, ndipo vawelo iliyonse timaipatsa ulemu wake wonse. Tsono kutsindika kwa Chingerezi si kukuwa paphatikizo limodzi ayi. Mbali yaikulu ya ntchitoyo ndi kufooketsa maphatikizo enawo. Mwana akhoza kukoka mzere pamalo olondola n'kupeza malikisi, koma pakamwa pake patulukabe fo-to-gi-ra-fa wathunthu, chifukwa pepala silinam'funse za enawo.

Palinso vuto lina limene limayamba mwana asanafike n'komwe pa kutsindika, ndilo kuwerenga maphatikizo. Athu amathera ndi vawelo nthawi zonse, choncho liwu lachilendo timalikonza kuti litikwane. "School" ndi phatikizo limodzi, sukulu ndi atatu. Dzina la mzinda wathu uno kwa eni ake ndi maphatikizo awiri, kutsindika koyamba, pomwe kondakitala wa minibasi pa Limbe amaitanira Bulantaya, maphatikizo anayi. Ndiye mwana akaona "vegetable" kapena "comfortable", amaonamo tebulo amene amam'dziwa, n'kukoka mzere pa "ta". Koma m'dikishonale mawu onse awiriwa amatsindikidwa koyamba, ndipo poyankhula amafupika kukhala maphatikizo atatu okha. Nthawi zina vawelo yathu yowonjezerayo imatithandiza mwangozi: polisi ndi hotela zimatifikitsa pa "li" ndi pa "te", pomwe Mngelezi nayenso amatsindika.

Aphunzitsi ena amati liwu ling'ung'udzeni pakamwa potseka, kapena ikani dzanja pansi pa chibwano muone pamene chikugwa kwambiri. Njira zimenezi zimagwira ntchito kwa munthu amene liwulo analimva kale likutchulidwa mwa mtundu umene pepala likufuna. Kwa mwana wathu zimangom'bwezera katchulidwe kake komwe, ndiye amakoka mzere wolakwikawo molimba mtima kuposa poyamba.

Gawo la mabokosi ndiye lovuta koposa. Chichewa chili ndi mavawelo asanu. Chingerezi chimene mapepalawa amatsata, cha kummwera kwa Mangalande chija timachimva pa BBC, chili ndi pafupifupi 20, mwa iwo 12 oima paokha ndi 8 oyenda kuchoka pa kamvekedwe kena kupita pa kena. Kusanja mavawelo 20 ndi khutu la mavawelo asanu kuli ngati kusankha nyemba usiku magetsi atazima. "Ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzi. "Hat", "hut" ndi "heart" zonse ndi hati. "Bird" ndi "bed" zimagona pa bedi limodzi.

Khutu likalephera, mwana amathawira ku diso, ndipo olemba mapepalawa amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amatchera msampha pomwepo. Pepala la mwana wa achemwali anga linali ndi mawu asanu ndi atatu, onse okhala ndi "oo": "food", "good", "blood", "door", "moon", "book", "flood" ndi "floor". Mabokosi anali anayi. Yankho lake ndi lakuti "food" ndi "moon" zili pamodzi, u wautali milomo itatambalala kutsogolo. "Good" ndi "book" zili pamodzi, u wamfupi milomo itamasuka. "Blood" ndi "flood" zilibe u n'komwe, zimagwirizana ndi "cup". "Door" ndi "floor" ndi o wautali. Mabokosi awiri omalizawo mwanayo anawakhoza, chifukwa kwa ife a ndi o n'zosiyana ndithu ndi u. Oyambirira awiriwo anawasakaniza, ndipo nditam'funsa kuti wasankha bwanji anangoti, "Ankolo, ndangogawa awiriawiri kuti mabokosi adzaze."

Apa ndi pamene ine ndimayamba kukangana nalo pepalali. Munthu wa ku Sikotilandi, woyankhula Chingerezi chibadwire, satha kusiyanitsa "full" ndi "fool", kapena "pull" ndi "pool". Kwa iye "good" ndi "food" zili m'bokosi limodzi, ndendende ngati mwana wathu. Ndipo kumbukirani kuti mzinda uno unayamba ndi mishoni ya Asikoti mu 1876, n'kupatsidwa dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Mwana wa ku Blantyre wa kwawoko akhoza kulandira mtanda wofiira pa funso lomweli. Mmereka nayenso angatsutse mayankho ena, mwachitsanzo vawelo yomaliza ya "photograph", imene iye amaitchula ngati ya "cat" pomwe wa ku London amaitalikitsa ngati ya "cart". Pepala silinena kuti likufunsa Chingerezi cha ndani. Limangoti mayankho olondola ndi awa.

Sindikunena kuti kusiyanitsa mavawelo kulibe phindu. Jennifer Jenkins, m'buku lake la 2000, anafufuza zimene zimasokoneza kumvana pakati pa anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba. Anapeza kuti kutalika ndi kufupika kwa vawelo n'kofunika, koma kutengera ndendende kamvekedwe ka Angelezi si kofunika kwenikweni. Amene mwafunsidwapo mafunso a ntchito pa foni ndi munthu wakunja mukudziwa mmene "live" ndi "leave" zimatayitsira nthawi. Koma chimenecho ndi chinthu choti munthu achimve ndi kuchiyeserera mokweza, awiriawiri, wina akutchula wina akuloza liwu limene wamva. Pa ndalama, pamene kusamvana kumapweteka, tinakonza kale tokha: mu msika wa Limbe palibe amene amasokoneza fifitini ndi fifite, ngakhale palibe amene amasamala za kutsindika.

Tsono pepala likakupezani, litengeni ngati ntchito ya dikishonale, osati ya khutu. Tsegulani dikishonale ya ophunzira, monga ya Oxford ija ambiri tinali nayo ku sekondale, muyang'ane zilembo zili pakati pa mizere iwiri yopendekeka. Kamzere kakang'ono kam'mwamba kamaima kutsogolo kwa phatikizo lotsindikidwa, osati pambuyo pake. Ambiri amakawerenga mobwerera n'kuphonya ndi phatikizo limodzi. Kakakhala m'munsi, kameneko ndi kutsindika kochepa, monga "pho" wa mu "photographic", ndipo si kamene pepala likufuna. Timadontho tiwiri pambuyo pa vawelo tikutanthauza kuti ndi yaitali, choncho /uː/ ndi wa "food" pomwe /ʊ/ ndi wa "good". Liwu likakhala ngati "record" kapena "present", onani kaye chiganizo: likakhala dzina kutsindika kuli koyamba, likakhala mneni kuli komaliza, ndipo pepala likangolipereka lokha popanda chiganizo ndiye kuti mayankho onse awiri ndi olondola. Ngati bandulo ilipo, dikishonale yomweyo pa intaneti ili ndi mabatani awiri, la Chingerezi cha ku Mangalande ndi la ku Amereka. Dinani loyambalo, chifukwa ndi limene aphunzitsi achongere, ndipo mwanayo amve liwulo katatu kapena kanayi asanakoke mzere.