Ndinayamba kuona chitini cha mkaka kunsi

Mlamu wanga anamwalira patatha masabata awiri chibadwire mwana wake. Khandalo linatsala m'manja mwa amayi anga kumudzi ku Ntcheu, ndipo anamwino a kuchipatala atayesa njira zina, anatiuza kuti tiyambe kugula mkaka wa m'chitini. Achimwene, bambo a mwanayo, atabwerera ku Joni kokagwira ntchito, udindo wogula unagwera ine, popeza ndimakhala ku Blantyre komanso ndinagwirapo ntchito zaka zisanu ndi zinayi yolandira katundu m'sitolo ina ya hoselo. Chitini cha magalamu 400 chimatha masiku atatu kapena anayi. Amene analerapo mwana ndi mkaka umenewu akudziwa mmene thumba limaphwera.

Mu Novembala 2024, mwana ali ndi miyezi iwiri, achimwene anaimba foni akusangalala. Anali atapeza munthu wobweretsa katundu kuchokera kunja amene ankagulitsa zitini zisanu ndi chimodzi pa mtengo wa zinayi, ndi mabotolo awiri a basera. "Achemwali, ndakutumizirani chithunzi pa WhatsApp. Taonani msanga, ndikufuna kulipira lero."

Chithunzicho chinali chokongola. Zitini zisanu ndi chimodzi zitandanda pa tebulo, zonse zitayang'ana kutsogolo ngati ana a kwaya. Nambala 1 inkaoneka bwino, kusonyeza mkaka wa mwana wobadwa kumene mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Panalibe nkhope ya khanda, zomwe zinali zoyenera, chifukwa malamulo a bungwe la WHO a mu 1981 amaletsa kujambula mwana pa lebulo ya mkaka woterewu. Koma zonsezi sizinanditonthoze. Kutsogolo kwa chitini ndi kumene wachinyengo amakonza bwino kwambiri, mwinanso sakonza n'komwe: amangotola zitini zenizeni zomwe zatha mkaka kapena zatha nthawi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinawauza achimwene kuti apemphe zithunzi ziwiri zokha. Choyamba, zitini zonse zitatembenuzidwa, kunsi kukuoneka, m'chithunzi chimodzi. Chachiwiri, zonse zitavulidwa chivindikiro cha pulasitiki, kuti tione chomatira cha siliva chija chili pakamwa. Ndinanenetsa kuti zikhale m'chithunzi chimodzi chifukwa munthu akhoza kujambula chitini chimodzi chabwino kasanu ndi kamodzi. Ndinatinso ajambule panja masana, ndipo atumize posankha Document, osati monga chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi mpaka manambala ang'onoang'ono kufufutika ukamakulitsa.

Wogulitsayo anayamba kunyinyirika, akuti ali ndi makasitomala ena. Zithunzi zinafika madzulo.

Kunsi kwa chitini kumakhala zinthu zitatu: tsiku lopangidwa, lomwe nthawi zambiri limalembedwa MFD, tsiku lothera, lolembedwa EXP, ndi nambala ya gulu la zitini zopangidwa pamodzi, yomwe ena amailemba LOT. Makina a kufakitale amasindikiza zimenezi pachitsulo penipeni, kawirikawiri ndi timadontho ting'onoting'ono tofanana kukula. Ndinali ndi chitini chopanda kanthu cha mtundu womwewo, chogula ku famase, ndipo ndinachiika pambali pa foni. Popanda chofanizira chotere sindikanatha kuweruza kalikonse, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake.

Pa chitini changa, kuchokera pa tsiku lopangidwa kufika pa tsiku lothera panali zaka ziwiri ndendende. Pa zitini ziwiri za wogulitsayo panalinso zaka ziwiri. Koma pa zinayi zotsalazo panalembedwa MFD 09/08/2022 ndi EXP 09/08/2025. Zaka zitatu. Ilipo mitundu ina ya mkaka imene imapatsidwa zaka zitatu, choncho chiwerengerocho pachokha si mlandu. Mlandu unali woti mtundu umodzi, kukula kumodzi, ukhale ndi moyo wa zaka ziwiri pa chitini ichi ndi zitatu pa icho.

Nditakulitsa chithunzi, 5 womaliza uja anadziulula. Manambala ena onse anali a timadontho, koma iyeyu anali wa mzere wopitirira, wonenepa, wopendekeka pang'ono. Pomuzungulira chitsulo chinali chowala kuposa malo ena, monga pamene apukuta ndi sipiriti. Anafufuta 4 n'kudinda 5. Mkakawo unatha nthawi mu Ogasiti 2024, miyezi itatu tisanauone. Ku hoselo ndinakumanapo ndi ena aulesi kuposa ameneyu, omwe amangomata sitika ya mtengo pamwamba pa tsiku. Sitika iliyonse yokhala kunsi kwa chitini, pomwe payenera kukhala manambala, ine ndimaiona ngati yobisa kanthu.

Achimwene anati, "Basi tigule ziwiri zabwinozo." Apa m'pamene chithunzi chachiwiri chinagwira ntchito.

Chivindikiro cha pulasitiki chimavulidwa ndi kubwezeredwa popanda chizindikiro, pokhapokha ngati chili ndi kalamba kothyola. Chitetezo chenicheni ndi chomatira cha siliva. Cha kufakitale chimamatidwa ndi moto wa makina kumkombero wachitsulo: chimakhala chokungika, m'mphepete mwake mozungulira mofanana, ndipo kakhutu kokokera kamagona pansi. Pa chitini chimodzi mwa ziwirizo zonse zinali choncho. Pa chinacho, mbali ina ya mkombero inali ndi makwinya ngati nsalu yosasita, kakhutu kanali ndi mzere wosonyeza kuti kanapindidwapo n'kuwongoledwa, ndipo pamphepete panali kadontho kowala kouma, kamene ndinakayikira kuti ndi guluu. M'ngalande ya mkombero munali kaufa koyera. Ufa wa m'chitini chomatidwa bwino ungatuluke bwanji kudzakhala pamwamba? Wina anatsegula. Chimene anachotsamo kapena kuthiramo, chithunzi sichinanene.

Nkhani yothiramo zina si nthano. Ku Fuyang, m'dziko la China, mu 2004, ana oposa khumi anamwalira atamwetsedwa mkaka wachinyengo womwe unalibe chakudya chokwanira. Matupi ankawonda, nkhope zikutupa, makolo ena n'kumayesa kuti ana akunenepa. Khanda la miyezi iwiri lopanda bere lilibe pena pothawira. Silidya phala, silidya nthochi. Chomwe chili m'chitinimo ndiye chakudya chake chonse.

Tinakangana usiku umenewo. Kumudzi kunali kutatsala chitini chimodzi ndi theka, ndipo ndalama za achimwene zinali zowerengeka. "Inu mukuona zachinyengo paliponse. Nanga chimodzi chotsalacho chalakwa chiyani?" Ndinawayankha kuti sindikuona cholakwa pa icho, koma chachokera m'manja mwa munthu amene wasintha masiku pa zinayi n'kumata chimodzi ndi guluu. Kodi chinasungidwa kuti, padzuwa kapena pachinyontho? Anadula foni osatsanzika. M'mawa anatumiza ndalamazo kwa ine, ndipo ndinagula zitini zinayi m'sitolo yopereka lisiti.

Ndiyenera kunena mosabisa malire a luso limeneli, poti anzanga ena tsopano amanditumizira zithunzi n'kumafunsa kuti, "Ichi n'chabwino?" Chithunzi chimandithandiza kukana chitini. Sichingandipatse mphamvu yochivomereza. Mu 2008, ku China komweko, ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira chifukwa cha mkaka wothiridwa mankhwala otchedwa melamini. Zitini ndi mapaketi ake zinali zenizeni, zomatidwa kufakitale, masiku ake olondola. Palibe diso likanaona kanthu. N'chifukwa chake nambala ya LOT ndimaijambula n'kuisunga, kuti ngati kampani kapena a bungwe la MBS atalengeza kuti gulu lakuti lichotsedwe pamsika, ndidziwe ngati tili nalo. Ndipo chitini chikafika m'manja ndimachionanso: dzimbiri pamsoko, kuphwanyika pafupi ndi mkombero, chomatira chofufuma, kenaka pochitsegula, fungo ndi ufa ngati wachita mibulu.

Mabotolo a basera aja ndinangowaona pomaliza, koma ndi amene anandiphunzitsa chinthu chomwe sindinkachidziwa. Pa paketi panalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti mulibe BPA, mankhwala a m'pulasitiki omwe mayiko a ku Ulaya analetsa m'mabotolo a ana mu 2011. Mawu oterowo aliyense akhoza kusindikiza. Dzina la wopanga ndi keyala yake panalibe. Kunsi kwa botolo, komwe pamakhala kachizindikiro ka makona atatu konena mtundu wa pulasitiki, monga 5 ndi PP, kunali kosalala. Paketi ya limodzi inali yotsekedwa ndi timawaya ta sitepula, kabere ka labala kali pamtetete.

Kenaka ndinayang'ana mizere yoyezera. Mabotolo ambiri amakhala ndi masikelo awiri, wa ml ndi wa oz, ndipo oz imodzi ndi pafupifupi mamililita 30. Ndiye kuti mzere wa 4 oz uyenera kuyandikana ndi 120, ndipo wa 8 oz ndi 240. Pa botolo la m'chithunzi, 8 oz anali moyang'anizana ndi 200. Sikelo imodzi, kapena onse awiri, inkanama.

Izi zinandikumbutsa botolo lomwe amayi ankagwiritsa kale ntchito, lomwe msuweni wanga anagula pamsika. Mkaka wathu umafuna kasupuni kamodzi kodzaza koma kosasefukira pa madzi a mamililita 30, madzi kuyamba, ufa pambuyo. Mzere ukanama, madzi amachuluka ndipo mwana amakhuta osapeza chakudya chokwanira, kapena amachepa ndipo mkaka umakhala wamphamvu mopweteka impso. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ndi zitini zinayi zija komanso sirinji yatsopano ya mamililita 10. Ndinathira madzi kasanu ndi kanayi m'botolo la amayi. Anayenera kufika pa 90. Anaima pafupi ndi 75. Kutanthauza kuti amayi akamadzaza mpaka pa 90, ankathira madzi oposa mamililita 100 pa timasupuni titatu, ndipo izi zinkachitika pa chakudya chilichonse, usana ndi usiku.

Amayi anagwira pakamwa. "Mwana wanga, ndiye ndakhala ndikumumana mdzukulu wanga?"

"Ayi amayi, si inu. Ndi botololi."

Lolemba tinapita naye kusikelo ya ana, ndipo tinawafotokozera anamwino zonse. Anamuyeza, nati kulemera kwake kwatsalira pang'ono koma sikunafike podetsa nkhawa, tibwerenso pakatha masabata awiri. Anatilangizanso kuti tisiye botolo, tizimumwetsa ndi kakapu, komwe n'kosavuta kutsuka. Amayi anayesa pomwepo, manja akunjenjemera, mkaka wina ukutayikira pachitenje. Sirinji ija ndinawasiyira. Anayeza nayo madzi m'kapu yoonekera m'kati, ndipo pamene anafika ndinakandapo mzere kunja kwake ndi mpeni.