Matimu asanu ndi atatu, mabwalo awiri

Mpikisano wa mpira wa ntchemberembaye umene tikukonza uli ndi matimu asanu ndi atatu: athu awiri a pa koleji, ndi asanu ndi limodzi a m'midzi ndi m'mipingo yotizungulira. Mabwalo ndi awiri okha, lina lasimenti, lina ladothi, ndipo tsiku ndi limodzi. Pa Sabata sitisewera, choncho tasankha Lamulungu. Koma ambiri mwa alendo athu amayamba apita ku mapemphero mmawa wa tsikulo, ndiye masewero sangayambe 10 koloko isanakwane. Magetsi pabwalo palibe. Dzuwa likalowa, zonse zathera pomwepo.

Ena mu komiti ankafuna kuti timu iliyonse ikumane ndi inzake zonse. Amenewo ndi masewero 28, kutanthauza maulendo 14 pa mabwalo awiri. Ngakhale titapatsa ulendo uliwonse theka la ola, ndi maola asanu ndi awiri osapuma, osadya. Njira yakuti wogonja azipita kwawo ndi yachangu, masewero asanu ndi awiri basi, koma matimu anayi angachoke atasewera kamodzi. Amayi amene alipira kabaza, nasiya ana kwa aneba, sitingawabweze patatha mphindi makumi awiri.

Tagwirizana zogawa matimu m'magulu awiri, A ndi B, anayi anayi. Timu iliyonse isewera katatu m'gulu mwake. Masewero ake ndi afupi: mphindi 10, kupuma mphindi ziwiri, mphindi 10 zina. Mphindi zisanu ndi zitatu zotsala pa theka la ola ndi zosinthira mabibu ndi kulembetsa zigoli.

Pamene tinakhalitsa ndi pa funso lakuti gulu liti lisewere pati. Chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kupatsa gulu lililonse bwalo lake. Koma matimu anayi akamasinthana pa bwalo limodzi, n'kosatheka kupewa kuti ena asewere kawiri motsatizana. Yoyamba ikakumana ndi yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi, masewero otsatira ayenera kutenga imodzi mwa ziwiri zimene zangotuluka kumene thukuta lili kamukamu, n'kuikumanitsa ndi timu imene yapuma. Komanso gulu lina lingakhale pa fumbi tsiku lonse.

Ndiye mabwalo onse awiri azitengedwa ndi gulu limodzi nthawi imodzi. Gulu A liyamba 10:00, matimu ake onse anayi ali m'bwalo. Gulu B lilowa 10:30. A ibwerera 11:00, ndipo azisinthana motero mpaka 1 koloko. Aliyense asewera theka la ola, napuma theka la ola. Matimu ochokera ku mapemphero tawaika m'gulu B kuti apezeko mphindi 30 zoyendera. Ubwino wina ndi wakuti masewero omaliza a gulu achitika pamodzi, choncho palibe timu yolowa m'bwalo ikudziwa kale zigoli zimene zikuikwanira. Gulu lopuma ndilo lizipereka olemba zigoli.

Chilema chake chilipo. Tayesa kusanja mbali zonse, koma m'gulu la anayi timu imodzi imakhala pa bwalo lomwelomwelo maulendo onse atatu. Tikanaika timu yathu pa simenti katatu, anthu akanalankhula, ndipo sakanalakwa. Choncho matimu a koleji tawalekanitsa, imodzi ku A ina ku B, ndipo ndi iwo amene adye fumbi katatu konse. Alendo onse aponda simenti kawiri, dothi kamodzi.

Nthawi isungidwa ndi munthu mmodzi, woimba belu lomveka mabwalo onse. Mawezulo ndi a oimbira okha, pakuti mabwalo ndi oyandikana ndipo osewera amatha kuima atamva wezulo ya bwalo linalo. Oimbira amafunika awiri pa masewero aliwonse, anayi nthawi imodzi. Tikufuna asanu ndi mmodzi kuti azipumulitsana. Timu yosafika patatha mphindi zisanu belu litalira yagonja, ngakhale itakhala ya mpingo wathu.

Kupambana ndi mapointi awiri, kufanana mphamvu ndi imodzi. Matimu akafanana mapointi, tichotsera zigoli zimene yamwetsedwa pa zimene yamwetsa. Lamulo ili liwerengedwa pamaso pa makaputeni onse masewero asanayambe, chifukwa likangomveka koyamba mapointi atafanana kale, wotsalira amaliona ngati chinyengo.

Tikadya, 2 koloko ndi masemifainolo: woyamba wa A ndi wachiwiri wa B, woyamba wa B ndi wachiwiri wa A. Olimbirana malo achitatu alowa 3 koloko. Fainolo ikhala yokha pa simenti 3:30, zigawo zinayi za mphindi 10, kuti onse aonere. Ikatha cha m'ma 4:30, tikhala ndi mpata wopereka mphoto alendo n'kufika kwawo kusanade.

Mizere ya bwalo ladothi tithira laimu Lachisanu masana, dzuwa lisanalowe. Ikafufutika, tibwereza Lamulungu m'mamawa. Ofuna kuthandiza afike ndi ndowa ndi matsache 7 koloko.