Mapaipi a Nyumba za ku Livingstone, Kuchokera pa Chitsulo Kufika pa Pulasitiki

M'zaka zimene m'badwo wa wolemba nkhani ino wakhala ndi moyo, madzi a m'nyumba za ku Livingstone sanasinthe gwero, popeza akupopedwabe kuchokera mu Zambezi, koma njira imene amalowera ndi kutulukira m'nyumba yasintha kwambiri. Nyumba zambiri za khonsolo za m'makomboni akale monga Maramba ndi Libuyu zinali ndi mpope umodzi panja ndiponso chimbudzi chopatukana ndi zipinda zogona, kotero kuti fungo likabuka linkathera pabwalo. Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba litayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, udindo wa mapaipi unachoka m'manja mwa amisiri a khonsolo n'kugwera eni nyumba, ndipo ambiri anayamba kuwonjezera zipinda zokhala ndi bafa ndi chimbudzi m'kati, zina zogonamo okha, zina zochititsa lendi. Kampani ya Southern Water and Sanitation Company imafikitsa madzi pa mita yowerengera madzi, koma za m'kati mwa mpanda ndi za mwini nyumba ndi pulambala wake.

Mapaipi akale a madzi abwino anali achitsulo chokutidwa ndi zinki, ndipo ankafuna mmisiri wodziwa kusema mazinga kumapeto kwake. Vuto lake linali dzimbiri, limene linkakula m'kati mpaka njira ya madzi kuchepa, ndipo chizindikiro chake chinali madzi ofiirira a m'mamawa ndi mpope wongodontha pamene wa mnansi ukutuluka mwamphamvu. Lero pulasitiki walowa m'malo, ngakhale kuti mayina a kukula kwake akadali a mainchi: paipi ya theka la inchi, imene ndi mamilimita 15, imakwanira mpope umodzi, pamene yochokera pa mita kapena pa thanki iyenera kukhala ya mamilimita 20 kapena 25 kuti wosamba asasowe madzi wina akatsegula sinki. Mapaipi otaya madzi oipa amakhala aakulu chifukwa alibe mphamvu yokankha: mamilimita 40 kapena 50 pa sinki ndi shawa, ndipo 110, imene ambiri amati ya mainchi anayi, pa chimbudzi.

Pulasitiki ndi wotsika mtengo, sachita dzimbiri, ndipo amadulidwa ndi sowo wamba n'kumatidwa ndi guluu, motero palibe chifukwa cholirira chitsulo. Chimene wolemba amadandaula nacho n'chakuti kuphweka kumeneku kwachititsa anthu kuganiza kuti ntchito yonse ndi kulumikiza basi, pamene luso lenileni lagona pa kutsetsereka kwa paipi, ndiko kuti kuchuluka kwa mmene imatsikira pa mtunda umene yayenda. Muyezo umene amisiri akale ankatsata ndi wa 1 pa 40, kutanthauza kuti pa mita iliyonse paipi itsike mamilimita 25, kuti madzi athamange mokwanira kunyamula zonyansa.

Kuvuta kwa muyezo umenewu kumaoneka bwino pa chipinda chowonjezera chomangidwa kuseri kwa nyumba, pa malo athyathyathya, mamita 12 kuchokera pa kadzenje ka njerwa kokhala ndi chivundikiro, kamene mapaipi amakumanapo ndipo amisiri amakatcha manihole. Pa muyezo wa 1 pa 40, paipi iyenera kutsika mamilimita 300 pa mtunda wonsewo. Ngati pansi pa kadzenjeko pali pa kuya kwa mamilimita 450, ndipo paipi yatuluka m'chipinda pansi pake pali kale pa mamilimita 300, ndiye kuti kwatsala mamilimita 150 okha, amene ndi 1 pa 80, theka la zofunika. Paipi yotere ikhoza kugwira ntchito ngati yayalidwa mowongoka kwambiri, koma dothi la mbali zambiri za Livingstone ndi mchenga wa mtundu wa ku Kalahari, umene umatitimira ngati pansi pa ngalande sipanatsinderedwe, ndipo paipi ya pulasitiki, pokhala yopindika, imatsatira dothilo n'kupanga chigwa pakati. M'chigwamo mumaima madzi, mapepala ndi mafuta a m'mbale, ndipo chimbudzi chimayamba kudzaza chisanatsike, mwezi ndi mwezi. Mankhwala ake anali osavuta simenti isanathiridwe: kuyeza kuya kwa kadzenje poyamba, kukweza pansi pa chipinda ndi mamilimita 150, kumene ndi pafupifupi mizere iwiri ya njerwa, ndi kukoka chingwe pakati pa zikhomo ziwiri kuti paipi iliyonse igone motsatira chingwecho. Simenti ikauma, mankhwala otsala ndi kuswa pansi.

Pansi pa sinki, pa shawa ndi m'chimbudzi momwe muli kapaipi kopindika kotchedwa thirapu, kamene ntchito yake ndi kusunga madzi akuya mamilimita 50 mpaka 75 kuti atseke njira ya mpweya wonunkha ndi mphemvu zochokera m'mapaipi a pansi. Nyumba zakale zinali ndi chitetezo chachiwiri, chifukwa madzi a sinki ndi bafa ankatuluka panja n'kugwera m'kadzenje kokhala ndi thirapu yakeyake, ndipo sankakumana ndi paipi ya chimbudzi kufikira atadutsa pamenepo. Omanga ena a masiku ano amalumikiza shawa molunjika ku paipi yaikulu popanda thirapu, poti pansi pa shawa palibe malo, ndipo chipinda chogona chimasanduka polowera mpweya wa m'mapaipi. Ngakhale thirapu yoikidwa bwino imauma ikakhala masabata angapo osagwiritsidwa ntchito m'kutentha kwa Okutobala, zimene eni nyumba zogona alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amakumana nazo m'zipinda zopanda anthu, ndipo kapu ziwiri za madzi zimathetsa vutolo.

Chimene chimaiwalika koposa ndi venti, paipi yotseguka pamwamba imene imakwera m'mbali mwa khoma kuchokera pa paipi ya chimbudzi mpaka kupitirira denga. Popeza simuyenda madzi, mwini nyumba wofuna kupulumutsa ndalama amaiona ngati yopanda ntchito. Komatu madzi a chimbudzi akatsika mwamphamvu amasiya mpata kumbuyo kwawo, ndipo ngati mpweya sulowa kudzera pa venti, umakokedwa kudzera mu thirapu ya sinki kapena ya shawa, n'kuyamwa madzi amene amatseka fungo. Chizindikiro chake ndi kulira konga mkonono kumene kumamveka mu sinki wina akagujumula chimbudzi, kenaka fungo lobwera ndi kupita ngakhale bafa litakolopedwa. Venti iyenera kuthera pamwamba pa denga kutali ndi zenera, ikhale ndi kachipewa ka mabowo kotchinga masamba ndi mbalame, ndipo ngati ndi ya pulasitiki ipakidwe penti, chifukwa dzuwa la chigwa cha Zambezi limaumitsa pulasitiki mpaka kusweka. Pa nyumba zina zakale za pakati pa tawuni, zomangidwa pamene Livingstone linali likulu la Northern Rhodesia pakati pa 1911 ndi 1935, mapaipi achitsulo oterewa akuonekabe m'mbali mwa makoma, atakwera kupitirira malata.